Ndime yaitali ya opochuniti kositi pa kakhadi kamodzi: mawu ati atsale?

Funso: Aphunzitsi, ndili Fomu 4 ndipo ndikukonzekera MSCE. M'notsi zathu za Zaulimi muli ndime yaitali ya opochuniti kositi. Ndaimasulira m'Chichewa kuti ndiimve bwino, ndipo ndakutumizirani. Pa kakhadi kanga kowerengera ndinalembapo kuti: "Zinthu ndi zochepa. Munthu amasankha. Zomwe wasiya ndiye opochuniti kositi." Mnzanga akuti ndalakwitsa koma sakundiuza pomwe palakwika. Ndingaifupikitse bwanji kuti ikhale ziganizo zitatu zazifupi popanda kutaya tanthauzo?

Yankho: Mnzakoyo akunena zoona, mwanawe, kungoti sanathe kuloza pomwe pali chilonda. Chilondacho chili pa mawu awiri, "zomwe wasiya". Ziganizo zako ziwiri zoyambirira n'zoona ndithu, koma zadya malo ambiri pa kakhadi, moti tanthauzo lenileni lafika pomaliza lili lotsimphina. Ndakhala ndikuchonga mayeso a m'kalasi pa mutu umenewu kwa zaka zambiri, ndipo mwana akalakwa, kawirikawiri amalakwira pomwepa. Pofupikitsa, amachotsa mawu amene akuoneka ngati okongoletsa chabe, osadziwa kuti ndiwo agwira denga.

Tiyeni tiiike poyera ndime yako monga waitumizira, kuti tonse tiione.

"Zofuna za munthu ndi zambiri ndipo sizitha, koma zinthu zokwaniritsira zofunazo, monga malo, ndalama, nthawi ndi anthu ogwira ntchito, ndi zochepa. Chifukwa cha kuchepa kumeneku, mlimi aliyense amayenera kusankha. Akasankha chinthu chimodzi, amasiya zinthu zina zomwe akanatha kuchita ndi zomwe ali nazozo. Phindu la chinthu chabwino koposa mwa zomwe wasiyazo ndilo limatchedwa opochuniti kositi. Mwachitsanzo, mlimi amene ali ndi ekala imodzi akhoza kulimapo chimanga, soya kapena mtedza, koma sangalime zonse pamalo amodzi nthawi imodzi. Akalima chimanga, wataya phindu lomwe akanapeza ku mbewu ina. Opochuniti kositi si ndalama zokha ayi, ikhoza kukhalanso nthawi, chakudya kapena mpumulo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri chifukwa imathandiza alimi, mabanja, makampani ndi boma kugwiritsa ntchito bwino zomwe ali nazo."

Ziganizo zilipo zisanu ndi zitatu, mawu oposa 100. Iwe unatenga choyamba, chachiwiri ndi chachitatu, n'kuzidula michira, kenako n'kumata dzina la mutuwo kumapeto kwa chachitatu. Chiganizo chachinayi, chomwe ndicho chokhacho chikunena kuti opochuniti kositi ndi chiyani, unachilumpha. Zimachitika chonchi chifukwa munthu akamafupikitsa amayambira pamwamba kutsika, ndipo malo amamuthera asanafike pakati. Olemba notsi nawo amakonda kuyamba ndi kulambula njira, tanthauzo n'kuliika pakati pa ndime.

Choncho usayambe ndi kudula. Yamba wafunsa chiganizo chilichonse kuti chikugwira ntchito yanji. Zitatu zoyambirira zikunena chifukwa chake nkhaniyi imakhalapo. Chachinayi ndi tanthauzo. Chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi ndi chitsanzo. Chachisanu ndi chiwiri ndi chenjezo. Chomaliza ndi kuyamikira mutu basi, ndipo ukhoza kuchimata pansi pa ndime ina iliyonse m'bukumo, kaya ya kasinthasintha wa mbewu kaya ya kusunga marekodi a pafamu, osaona kuti chasochera. Chimenecho chichotse osachimvera chisoni. Zatsala ntchito zinayi, malo ndi atatu. Tibwererako.

Koma ndisanakupatse ziganizo, ndikufuna uone ndi maso ako zomwe kakhadi kakoko kangakuchite m'chipinda cha mayeso. Chitsanzo cha m'notsi chilibe manambala, ndipo chitsanzo chopanda manambala chimabisa zolakwa. Tichipatse manambala. Awa ndi ongoyerekeza kuti masamu ayende, si mitengo ya pamsika ya chaka chino.

Tinene kuti mlimi wa ku Mchinji ali ndi ekala imodzi. Akalimapo chimanga, agulitsa K900,000, koma mbewu, feteleza, aganyu ndi matumba zimudyera K500,000, ndiye m'thumba mutsala K400,000. Akalimapo soya, agulitsa K850,000, zolowa ndi K300,000 chifukwa soya safuna feteleza wochuluka ngati chimanga, ndiye atsala ndi K550,000. Akalimapo mtedza, agulitsa K800,000, zolowa K320,000, atsala ndi K480,000. Manambala atatu oti uwagwire ndi otsalawo: chimanga K400,000, soya K550,000, mtedza K480,000.

Mlimi uja wasankha chimanga. Funso likuti, opochuniti kositi yake ndi zingati?

Tenga kakhadi kako uyankhe nako. Kakuti "zomwe wasiya". Wasiya soya ndi mtedza. Ukaphatikiza, upeza K1,030,000, ndipo kakhadi sikakuletsa. Koma yankho limeneli ndi labodza, chifukwa ndalama imeneyo mlimi sakanaigwira ngakhale akanachenjera chotani. Ekala ndi imodzi. Akanasiya chimanga, akanalima soya kapena mtedza, osati ekala ya soya ndi ekala inanso ya mtedza. Munthu sataya chinthu chomwe sakanakhala nacho n'komwe. Mwana wina, ndi kakhadi komweko, angolemba mtedza, K480,000, poti nawonso wasiyidwa. Kakhadi sikamuletsanso. Koma mlimi woganiza, atalandidwa chimanga, sangathamangire mtedza pomwe soya akupereka zambiri. Chomwe chikanalowa m'malo mwa chimanga ndi soya, ndiye yankho ndi K550,000. Ndi nambala imodzi, ya mbewu imodzi, yomwe ili pamwamba mwa zosiyidwazo.

Waona tsopano ntchito ya mawu akuti "chabwino koposa". Amatsekera kunja mayankho awiri olakwika nthawi imodzi: amaletsa kuphatikiza, poti akunena chinthu chimodzi, ndipo amaletsa kungotola chilichonse, poti akunena chapamwamba. Mawu awiri amenewa ndi amene unawataya.

Alipo mayankho ena awiri olakwika omwe ndimawaona, ndipo ndi bwino uwadziwe nkhope. Loyamba ndi K500,000, ndalama zomwe mlimi walowetsa m'munda wa chimanga. Mwana akaona mawu akuti kositi, mutu umathamangira ku lisiti la kwa ogulitsa feteleza. Koma zimenezo ndi ndalama zotuluka m'thumba, pomwe opochuniti kositi ndi phindu lomwe silinalowe m'thumba. Ilibe lisiti, ndipo suipeza m'buku la zogula ndi zogulitsa. Lachiwiri ndi K150,000, kusiyana kwa soya ndi chimanga. Ili ndi yankho la mwana wanzeru, ndipo nambalayo ili ndi ntchito yake: ikuonetsa kuti mlimi watsalira ndi zingati posankha chimanga. Koma imeneyo umaipeza pambuyo, ukachotsa phindu lomwe wapezadi pa opochuniti kositi. Opochuniti kositi yeniyeniyo ndi phindu lonse la soya, K550,000. Funso likafuna kusiyana, limanena kuti likufuna kusiyana.

Tilembe tsopano chiganizo choyamba. Ine ndimaika tanthauzo patsogolo nthawi zonse, ngakhale m'buku lili pakati, chifukwa ukatembenuza kakhadi diso limayamba kugwa pa mzere woyamba, ndipo ndiwo umatsala m'mutu tsiku lomwe mantha akugwira. Chiganizo chachinayi cha notsi n'chabwino kale, chingofunika kuchitembenuza kuti dzina libwere koyamba:

"Opochuniti kositi ndi phindu la chinthu chabwino koposa mwa zomwe wasiya posankha."

Mawu 12. Yesa kuchotsapo ena uone chomwe chigwe. Ukachotsa "chabwino koposa", wabwerera ku K1,030,000 ija. Ukachotsa "wasiya", zikumveka ngati tikunena phindu la chomwe wasankha. Ukachotsa "posankha", ndiye kuti ngakhale mbewu yomwe yakokoloka ndi madzi osefukira ikhala opochuniti kositi, pomwe kumeneko n'kuluza chabe, palibe anasankhapo. Ukachotsa "phindu la", chiganizo chikuti opochuniti kositi ndi soya. Pa funso lofotokoza chabe ukhoza kupulumuka nazo, koma pa funso la manambala sudziwa kuti ulembe K850,000 ya zogulitsa kapena K550,000 yotsala. Umu ndi momwe umadziwira kuti chiganizo chafika pomwe sichingafupikenso: ukasolola liwu lina lililonse, yankho lolakwika limapeza polowera.

Pa liwu lakuti "phindu" ndiimepo pang'ono, chifukwa ena amamasulira mutuwu kuti "mtengo wa mwayi". Ine kumasulira kumeneku sindikukonda. Kwa ife "mwayi" ndi wa munthu amene watola ndalama panjira, ndipo "mtengo" ndi womwe umanenerera pamsika. Ukaphatikiza awiriwa, mwana amva ngati ndi ndalama yolipira kuti upeze mwayi, ndiye wagwera m'dzenje la K500,000 lija. "Phindu" nalo lili ndi vuto lake, poti ambiri amalimva ngati ndalama basi. Koma timanenanso kuti sukulu ili ndi phindu, kugona msanga kuli ndi phindu, ndiye liwuli limatha kunyamula ndalama, chakudya ndi nthawi yomwe. Ndi chifukwa chake ndalisunga, ndipo ndi momwe chiganizo chachisanu ndi chiwiri cha notsi chalowera pa kakhadi mwakachetechete, m'liwu limodzi.

Chiganizo chachiwiri ndi chitsanzo. Cha m'notsi chili ndi chilema chomwe mwina sunachione. Chikuti mlimi "wataya phindu lomwe akanapeza ku mbewu ina". Mbewu ina iti? Ndime yomwe yangonena kumene kuti chabwino koposa, yaiwala yokha mawu ake patangodutsa mizere iwiri. Ukanakopera chitsanzochi momwe chilili, chikanaphwasula tanthauzo lomwe uli nalo pamwamba. Kufupikitsa nthawi zina kumafuna kuti ukonze zomwe mwini ndime analekerera.

Chitsanzo cha pa kakhadi chiyenera kukhala ndi zosankha zitatu, osati ziwiri. Zikakhala ziwiri zokha, chimanga ndi soya, chosiyidwa ndi chimodzi, ndiye mawu akuti "chabwino koposa" sagwira ntchito iliyonse, ndipo ukhoza kukhoza chitsanzocho uli wosamva mfundo. Mtedza ulipo kuti ukhale woyesa. Ndiye tilembe:

"Pa ekala imodzi, wolima chimanga wataya K550,000 ya soya, yomwe imaposa K480,000 ya mtedza."

Mawu 14. Taona kuti K400,000 ya chimanga palibepo. Ndaichotsa dala. Pofuna kupeza opochuniti kositi ya chimanga, phindu la chimangacho silifunika, ndipo likakhala pafupi limakunyengerera kuti uchotsere n'kupeza K150,000. Taonanso mawu atatu oyambirira, "pa ekala imodzi". Ziganizo zitatu zoyamba za notsi, zonse zija za zofuna zosatha ndi zinthu zochepa, zalowa m'menemo. Wowerenga akaona ekala imodzi ndi mbewu zitatu, sachita kuuzidwa kuti malo ndi ochepa ndipo pafunika kusankha. Zomwe iwe unazipatsa ziganizo ziwiri zathunthu, pano zakwana m'mawu atatu.

Ndikudziwa kuti wina wochokera kumudzi aseka pamenepa, nanena kuti agogo ake amalima chimanga, nyemba, maungu ndi nandolo m'munda umodzi chaka ndi chaka. Zoona, ndipo notsi zanena mopyola muyeso pomwe zati sangalime zonse pamalo amodzi. Koma ulimi wosakaniza suchotsa opochuniti kositi, umangoichepetsa msinkhu. Mzere uliwonse womwe wapatsa mtedza ndi mzere womwe soya sanaupeze. Pa kakhadi zimenezi zisalowe. Ungodziwa kuti chitsanzo chathu chikunena za mlimi wodzala mbewu imodzi pa ekala yonse.

Chiganizo chachitatu ndiye pamakhala mkangano, ndipo aphunzitsi sitigwirizana tonse. Ena angaikepo chifukwa, kuti zinthu ndi zochepa. Ena angaikepo zoti si ndalama zokha. Ine ziwirizi ndazilowetsa kale m'ziganizo zapamwamba, ndiye mpando wachitatu ndimaupereka kwa mlonda, chiganizo chonena chomwe opochuniti kositi siili. Maganizo anga ndi akuti kakhadi si kophunzirira chinthu koyamba. Unaphunzira kale m'kalasi. Kakhadi ndi kokugwira dzanja pomwe umaterereka. Sindinaonepo mwana wa Fomu 4 ataiwala kuti ndalama ndi zochepa, amazidziwa kuyambira tsiku lomwe anabwezedwa fizi. Koma ophatikiza zosiyidwa ndi olemba ndalama za feteleza ndimawaona teremu iliyonse.

"Si ndalama zomwe walipira, ndipo zosiyidwazo saziphatikiza."

Mawu 7. Ngati iwe vuto lako ndi lina, mwachitsanzo umakonda kuchotsera n'kupeza kusiyana, sintha chiganizochi chinene zimenezo: "Si kusiyana kwa mbewu ziwiri, ndi phindu lonse la yosiyidwayo." Ziganizo ziwiri zoyamba zikhoza kufanana kalasi yonse, koma chachitatu chizichokera m'mapepala ako akale, pomwe cholembera chofiira chinadutsa. Chomwe ndikukuletsa ndi kulowetsa machenjezo onse anayi m'chiganizo chimodzi chodzaza ndi timipumiro, n'kumati ziganizo zikadali zitatu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chiganizo chomwe sungachinene ndi mpweya umodzi si chachifupi, ngakhale chitakhala ndi mpumiro umodzi kumapeto. Ine ndimaika malire pa mawu 15.

Kakhadi konse tsopano kakuoneka chonchi:

"Opochuniti kositi ndi phindu la chinthu chabwino koposa mwa zomwe wasiya posankha. Pa ekala imodzi, wolima chimanga wataya K550,000 ya soya, yomwe imaposa K480,000 ya mtedza. Si ndalama zomwe walipira, ndipo zosiyidwazo saziphatikiza."

Mawu 33 kuchoka pa oposa 100. Ndi ochuluka kuposa ako aja, ndipo zisakudandaulitse. Ako anali afupi chifukwa anali opanda kanthu mkati.

Usakakhulupirire kakhadika usanakayese. Kuyesa koyamba ndi kutembenuza chisankho. Tinene kuti mlimi uja walima soya. Bisa notsi, gwira kakhadi kokha. Wasiya chiyani? Chimanga ndi mtedza. Chabwino koposa mwa ziwirizi ndi chiti? Pano pali msampha womwe ndinautchera dala m'manambala aja. Chimanga chimagulitsidwa K900,000, mtedza K800,000, ndiye diso lothamanga litola chimanga. Koma kakhadi kakuti phindu, ndipo phindu la chimanga ndi K400,000 pomwe la mtedza ndi K480,000. Yankho ndi mtedza, K480,000. Ukapeza limeneli ndi kakhadi kokha, kakugwira ntchito. Ndipo uona chinthu china chomwe ana ambiri chimawadabwitsa: ngakhale mlimi wasankha mbewu yopambana zonse, opochuniti kositi ilipobe. Kusankha bwino sikuifafaniza. Kumangotanthauza kuti zomwe wapeza, K550,000, zaposa zomwe wasiya, K480,000. Wolima chimanga uja zake zinali zotembenuka, anapeza K400,000 atasiya K550,000. Ndi momwe mfundoyi imagwirira ntchito posankha pafamu: uyerekeze phindu la chomwe ukufuna kuchita ndi opochuniti kositi yake, uone cholemera.

Kuyesa kwachiwiri ndi kuchoka m'munda. Loweruka m'mawa uli ndi maola anayi. Ukhoza kupita ku gulu lowerengera limodzi, ukhoza kukagwira ganyu yopalira ya K5,000, kapena kungogona. Wasankha kuwerenga. Ngati mwa zotsalazo chomwe ukanachitadi ndi ganyu, opochuniti kositi ya kuwerengako ndi K5,000. Koma ngati usiku wonse unachezera kumaliro ndipo thupi lakana, chomwe ukanasankha ndi tulo, ndiye opochuniti kositi ndi mpumulo womwe wadzimana, wopanda nambala iliyonse. Kakhadi kathu kapirira mayeso amenewa chifukwa kakuti phindu, sikakuti ndalama. Kakanakhala kakuti "ndalama zomwe wataya", kakanagwa pomwepa.

Pali malire amodzi omwe ziganizo zitatuzi sizinena mokweza, ndipo ndikufuna akhale m'mutu mwako ngakhale sali papepala. M'notsi muli liwu lakuti "akanatha". Chinthu chimawerengedwa kuti chasiyidwa pokhapokha ngati munthuyo akanathadi kuchichita ndi zomwe ali nazo. Mpunga ukhoza kukhala ndi phindu loposa mbewu zonse zitatu, koma ngati ekala ya mlimi wathu ili pamtunda pouma, yosakhala dambo ngati minda ya mpunga ya ku Karonga kapena ku Nkhotakota, mpunga sanausiye, sunali m'manja mwake chiyambire. Funso la mayeso likhoza kukuikira chinthu chonenepa chomwe munthuyo sangachifikire, kuti lione ngati uchitola. Mbali inayo, zosankha sizikhala mbewu zokha. Mlimi akanatha kuchititsa lendi mundawo kwa mnansi wake, ndipo lendiyo ikanakhala kuti ikuposa phindu la soya, ndiyo ikanakhala opochuniti kositi. Liwu lakuti "wasiya" m'chiganizo choyamba lanyamula zonsezi, bola uzikumbukira kuti sungasiye chomwe sunali nacho pafupi.

Ndipo usachoke pano ukuganiza kuti mlimi wa chimanga uja ndi wopusa. Manambala athu aika chimanga pa mtengo wogulitsira, koma banja lomwe lalima chimanga chakudya silichiwerengera pa mtengo wa nthawi yokolola. Limaganiza za Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, mtengo pamsika utakwera. Komanso pa nthawi yodzala palibe amene amadziwa motsimikiza kuti mavenda adzagula soya pa zingati. Opochuniti kositi imawerengedwa pa zomwe munthu akuyembekezera pa tsiku losankha, ndipo anthu awiri a minda yoyandikana akhoza kuika mbewu zomwezo m'ndandanda wosiyana popanda wolakwa. Pa mayeso manambala amakupatsa okhazikika, ndiye uwagwiritse ntchito momwe alili. Izi ndakuuza kuti usakapite kwanu kukaphunzitsa bambo ako ulimi ndi kakhadi m'manja.

Ngati mphunzitsi wako anatchulapo Friedrich von Wieser, katswiri wa zachuma wa ku Austria amene ambiri amamutchula pa chiyambi cha mfundoyi, dzinalo lisiye m'kope. Pa kakhadi ka Zaulimi likungodya malo a mlonda.

Tsopano za chilankhulo. Mayeso a Zaulimi a MANEB udzalemba m'Chingerezi, ndiye kakhadi komaliza kakhale ka Chingerezi. Unachita bwino kuyamba ndi Chichewa, chifukwa chinthu chomwe sungachinene m'chilankhulo chako sunachimve. Koma pobwerera, usamasulire chiganizo choyamba kuchokera m'mutu. Tsegula notsi pa chiganizo chachinayi, upeze mawu a Chingerezi omwe unawamasulira kuti "chabwino koposa mwa zomwe wasiyazo". Upeza awiri onena kuti chinthucho ndi chotsatira pa ubwino, limodzi lonena kuti ndi njira ina yomwe inalipo, ndi lina lonena kuti yasiyidwa. Akopere momwe alili, uwadule mzere kunsi. Amenewo ndi mawu omwe ochonga amawazindikira msanga, ndipo ukawalowetsera ako, ukhoza kukhala kuti wamva mfundo koma wainena mwa njira yoti wochonga akayike. Pali kanthu kena kosokoneza pa mawu a Chingereziwo. Akamati chotsatira pa ubwino, ana ena amamva ngati ndi chomwe chili pa nambala 2 pa mndandanda wonse. M'chitsanzo chathu, chomwe chili pa nambala 2 ndi mtedza, koma taona kuti wolima chimanga wataya soya, yemwe ali pa nambala 1. Kutsatirako kukuwerengedwa chomwe wasankha chitachotsedwa kale pa mndandanda. Pamenepa Chichewa chathu chanena momveka kuposa buku, ndiye ukhoza kulemba "mwa zomwe wasiya" ndi pensulo pambali pa mawu a Chingereziwo. Chiganizo chachiwiri ndi chachitatu ulembe m'mawu ako.

Kakhadi kenikeniko sikafuna kugula. Pepala la A4 ukalipinda katatu n'kudula, limatuluka timakhadi 8, ndipo mawu 33 amakwana bwino pa kamodzi ngati sulemba ngati ukulemba pa bolodi. Ziganizo zitatuzo zikhale kumbuyo, chilichonse pa mzere wake. Kutsogolo usangolemba dzina la mutu, chifukwa ukaliona mutu umati "ndikudziwa" n'kutembenuza usanayankhe kanthu. Lembapo funso lomwe likukakamiza kutulutsa nambala: "Chimanga K400,000, soya K550,000, mtedza K480,000. Walima chimanga. Opochuniti kositi ndi zingati, ndipo chifukwa chiyani?" Apa phindu la chimanga lilipo dala, kuti likuyese ngati uchotsera. Yankha mokweza kapena papepala, kenako tembenuza.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, K550,000 udzakhala utailoweza, ndipo idzayamba kutuluka yokha usanaganize. Ukaona zimenezo, fufuta manambala a kutsogolo ulembe ena, usinthenso mbewu yomwe mlimi wasankha. Nthawi ina ikapo zinayi m'malo mwa zitatu, china mwa izo chikhale chomwe mundawo sungabereke. Chiganizo chachiwiri kumbuyo uchikonze kuti chigwirizane ndi manambala atsopanowo. Choyamba chokha usachikhudze.